Nkhwazi ya kutsidya kwa Luangwa ndi lenzi ya mamilimita 200

Funso: "Ndine mphunzitsi kuno ku Chipata. Mu Okutobala ndinapita ku Mfuwe ndi kamera ya mamegapikiselo 24 ndi lenzi ya 55–200 mm, ndipo ndinajambula nkhwazi itatera pamtengo wouma kutsidya kwa Luangwa. Pachithunzi ikuoneka kakang'ono kwambiri, ndipo ndikadula kuti ikule imangochita chimbuuzi. Ndikufuna kuisindikiza papepala la A4 kuti ndipachike m'kalasi. Ndili ndi mafayilo a RAW ndi JPEG omwe, komanso laputopu yakale. Kodi pali chimene ndingachite?"

Aphunzitsi, chilipo chochita, koma musanatsegule pulogalamu iliyonse yokonzera zithunzi tiyeni tiyambe tawerenga zimene kamera inasunga, chifukwa malire a ntchito yonse ali pamenepo. Makamera ambiri amene amagulitsidwa pamodzi ndi lenzi yoteroyo ali ndi sensa ya mamilimita pafupifupi 23.5 m'litali, ndipo chithunzi chake chimakhala cha mapikiselo 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Nkhwazi yaikulu ikatera imatalika masentimita pafupifupi 70 kuyambira kumutu mpaka kumchira. Tiyerekeze kuti mtengowo unali pamtunda wa mamita 60 ndipo lenzi munaifikitsa kumapeto kwake.

```
200 mm × 0.7 m ÷ 60 m = 2.3 mm
2.3 mm × 6000 ÷ 23.5 mm ≈ 600
```

Mbalame yonse inagwera pa kachigawo ka sensa ka mamilimita awiri ndi pang'ono, ndipo inalembedwa ndi mapikiselo pafupifupi 600 kuchokera kumutu kufika kumchira. Zimenezi zikutanthauza kuti pikiselo imodzi ikuimira milimita imodzi ndi pang'ono ya thupi la mbalameyo. Diso lake ndi mapikiselo khumi kapena kuchepera apo. Nthenga zikuluzikulu za mapiko zilipo ndipo zingathe kuonekera bwino iliyonse payokha, koma timizere tating'ono ta mkati mwa nthenga, timene mumationa pa zithunzi za m'mabuku a mbalame, kamera sinatilembe konse, ndipo palibe batani limene lingatibweze. Ngati mtunda unali mamita 120, gawani mapikiselo onsewa pawiri, ndipo mukatero mudzaona kuti nkhwazi ya mapikiselo 300 ndi yongothandiza kuzindikira mtundu wa mbalame, si yopachika pakhoma. Simufunika kukumbukira mtunda weniweni: tsegulani chithunzicho, kokani kabokosi kodulira mozungulira mbalame, ndipo pulogalamu idzakuuzani mapikiselo ake.

Mapikiselo 600 si ochepa monga mmene mukuganizira, ngati ali oyera. Chimene chimapha zithunzi zambiri zotere si kuchepa kwa mapikiselo kokha ayi, koma chimbuuzi chimene chinalimo kale, chimene kudula kumangochionetsa poyera. Chotero ntchito yachiwiri ndiyo kudziwa mtundu wa chimbuuzi chanu, pakuti china chimachiritsika ndipo china sichichiritsika. Kulitsani chithunzi pasikirini mpaka `200%` ndipo muyang'ane malo atatu: diso, nthambi imene mbalame yaterapo, ndi zinthu za kutsogolo ndi kumbuyo kwake.

Ngati nkhwazi ili mbuu koma nthambi ina yapafupi, kapena udzu wa kumbuyo kwake, zikuoneka zakuthwa, ndiye kuti fokasi inagwira pena. Ngati kanyali kakang'ono ka dzuwa kamene kamawala m'diso kasanduka kamzere, ndipo m'mphepete mwa nthambi zonse mwakokekera mbali imodzi, ndiye kuti manja anagwedezeka, kapena galimoto inali ikulira pamene munkajambula. Mavuto awiriwa amayezeka: werengani mapikiselo amene malire a mutu woyera ndi phiko lakuda atenga kuti asinthe kuchoka pa kuyera kufika pa kuda. Akakhala awiri kapena atatu, chithunzicho n'chabwino ndipo chidzalola kukonzedwa. Akafika asanu ndi limodzi kapena kuposa, ine ndimachisiya n'kufufuza china mwa zimene ndinajambula nthawi yomweyo, chifukwa kuchikakamiza kumangobala mizere iwiriiwiri m'mphepete mwa chinthu chilichonse.

Mtundu wachitatu ndi umene ndikuukayikira kwambiri, poona mwezi umene munapita. Mu Okutobala m'chigwa cha Luangwa kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ena, mtsinje umakhala utaphwera, ndipo pakati pa inu ndi mtengo uja panali mchenga wotentha umene umakweza mpweya wonjenjemera. Kuwala kukamadutsa mumpweya wotere kumakhota pang'onopang'ono m'njira, ndipo lenzi imangolemba zimene zafika. Chizindikiro chake n'chakuti palibe chinthu chakuthwa paliponse, kutsogolo ngakhale kumbuyo, timitengo towongoka timaoneka tokhotakhota, ndipo chigawo china cha mbalame chimakhala bwinoko pamene chigawo choyandikana nacho chasungunuka. Vuto limeneli siligonja ndi pulogalamu, ndipo ngakhale lenzi yodula ya mamilimita 600 imalephera nalo. Mwayi wake ndi umodzi: mpweyawo umasintha kangapo pa sekondi, chotero ngati munajambula zithunzi zingapo motsatizana, chimodzi mwa izo kawirikawiri chimakhala choyera kuposa zinzake. Nthawi imene mungathere posankha chimenecho, mukuziyerekeza chimodzichimodzi pa diso ndi pa mlomo wachikasu, idzakupindulirani kuposa ola lathunthu lokankha mabatani. Utsi wa lupsa ndi fumbi la chilimwe ndi nkhani ina: izo zimangochititsa chithunzi kutuwa, ndipo kutuwa kumakonzeka.

Tinene kuti mwapeza chithunzi chimene malire ake ndi mapikiselo atatu. Tsopano pakubwera chisankho chimene ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa zonse, ndicho kukula kwa malo amene mudule. Anthu ambiri amadula mothina kuti mbalame idzaze pepala, ndipo akatero amataya chinthu chokhacho chimene lenzi yaifupi imapambana nacho, ndiwo malo amene nyama ikukhala. Pepala la A4 ndi masentimita 29.7 m'litali, kapena mainchi 11.7. Mukadula mapikiselo 1500 kwa 1000, nkhwazi idzatalika masentimita pafupifupi 12 papepala, koma inchi iliyonse idzalandira mapikiselo 128 okha. Mukadula 2400 kwa 1600, inchi iliyonse idzalandira mapikiselo 205, nambala yokwanira kusindikiza popanda kukulitsa konse, ndipo mbalame idzakhala ya masentimita 7 ndi theka, ili pamtengo wake, gombe la mtsinje likuoneka pansi. Osindikiza amakonda kutchula mapikiselo 300 pa inchi, koma muyeso umenewo ndi wa chithunzi chogwira m'manja. Munthu woima mita imodzi kuchokera pakhoma sangasiyanitse zoposa mapikiselo pafupifupi 90 pa inchi, ndipo ana a m'kalasi adzakhala patali kuposa pamenepo. Kwa inu ndingasankhe pakatikati: dulani 1800 kwa 1200, kuti mbalame itenge theka la msinkhu wa chithunzi, ndipo musiye malo ambiri kumbali imene mlomo waloza.

Gwiritsani ntchito fayilo ya RAW, osati ya JPEG. Kamera popanga JPEG imakhala itafufuta kale timadontho, itanola kale m'mphepete mwa zinthu, kenako n'kupanikiza chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 kwa 8, ndipo mukadula kwambiri n'kukulitsa, timabokosi timeneti timayamba kuonekera mozungulira mlomo ndi zikhadabo. Mapulogalamu awiri aulere, RawTherapee ndi GIMP, akukwanirani, ndipo amayenda pa laputopu yakale ngakhale kuti amachedwa pang'ono. Mukawatsitsa kamodzi safunanso bandulo.

Mu RawTherapee yambani ndi kuwala, ndipo maso anu akhale pamutu wa mbalame. Mutu, chifuwa ndi mchira wa nkhwazi n'zoyera mbee pamene mapiko ndi akuda, ndipo padzuwa la m'chigwa kamera kawirikawiri imapsereza zoyerazo mpaka nthenga zonse kusanduka chigamba chimodzi. Tsitsani `Exposure compensation` pang'ono ndipo muyatse `Highlight reconstruction`. Mizere ya nthenga ikayamba kubwerera pakhosi, ndiye kuti fayilo inali itaisunga. Ngati pakhala potuwa popanda mzere uliwonse, pamenepo sensa inadzaza, ndipo ndi bwino kupasiya poyera kusiyana ndi kupadetsa. Kenako yatsani `Auto-correction` pansi pa `Chromatic Aberration Correction`, chifukwa malenzi otsika mtengo amasiya kamzere kofiirira kapena kobiriwira pamene choyera chakumana ndi chakuda. Pachithunzi chathunthu kamzereko sikaoneka, koma kakakhala ka mapikiselo awiri pa mbalame ya mapikiselo 600, diso limakagwira msanga. Kutuwa kwa utsi kuchotseni ndi `Haze Removal`, koma pang'ono pokha, pakuti chida chimenechi chimadzutsanso timadontho ta kumwamba.

Timadontho timene timabwera ndi ISO yokwera tili mitundu iwiri, ndipo sitichotsedwa mofanana. Ta mitundu, tofiira ndi tobiriwira timene timawazika m'mapiko akuda, tichotseni tonse ndi `Chrominance` pansi pa `Noise Reduction`, chifukwa kutichotsa sikuwononga maonekedwe a nthenga. Ta kuwala, timene timachititsa chithunzi kuoneka chokhakhala, ndi timene muyenera kusamala nato. Pulogalamu siidziwa kusiyanitsa kadontho ndi kamzere ka nthenga pamene zonse ziwiri ndi za pikiselo imodzi kapena ziwiri, chotero mukakweza `Luminance` mpaka kumwamba kusalale, mbalame nayo imasalala n'kuoneka youmbidwa. Ngati munajambula pa ISO 400 kapena kutsika, musakhudzeko. Pa ISO 1600 kwezani pang'onopang'ono mukuyang'ana phiko pa `100%`, ndipo muime nthenga zikangoyamba kulumikizana, kenako mubwerere mmbuyo pang'ono. Muyeso wa `100%` ndi wofunika chifukwa pulogalamuyi sionetsa molondola zotsatira za zida zimenezi chithunzi chikakhala chochepetsedwa pasikirini. Timadontho tochepa totsala sitioneka papepala, ndipo timathandiza diso kukhulupirira kuti chithunzi n'chakuthwa.

Chida chimene chimabwezadi kanthu ndi `Capture Sharpening`, chimene chinalowa mu RawTherapee kuyambira pa 5.8. Chimayerekeza mmene lenzi ndi sensa zinamwazira kadontho kalikonse ka kuwala, ndipo chimayesa kubweza kuwalako pamalo pake. N'chifukwa chake chimathandiza pa chimbuuzi cha mapikiselo awiri kapena atatu, chimene chimakhala chofanana mbali zonse, koma chimalephera pa kugwedezeka kwa manja kumene kunakokera mbali imodzi, ndi pa mpweya wotentha umene unakhotetsa malo aliwonse mwa njira yakeyake. Chisiyeni chisankhe chokha miyeso yake, chifukwa kawirikawiri chimalondola. Mukatha dulani monga tagwirizana, ndipo musunge ngati TIFF ya `16-bit` kuti pasatayike kanthu popita ku pulogalamu yachiwiri.

Kukulitsa kumabwera pambuyo pa kuchotsa timadontho, chifukwa mukayamba ndi kukulitsa, timadonthoto timakula n'kusanduka zigamba zimene chida chofufutira sichizizindikiranso. Mu GIMP sankhani `Image > Scale Image`, lembani 2700 pa `Width`, ndipo pa `Interpolation` musankhe `NoHalo` kapena `Cubic`. Chithunzi cha 1800 kwa 1200 chikhala cha 2700 kwa 1800, kapena mapikiselo 230 pa inchi papepala lanu. Muyenera kumvetsa chimene chachitika apa. Pulogalamu yaika mapikiselo atsopano pakati pa akale poyerekeza mitundu ya oyandikana nawo, monga mmene madzi amachulukitsira phala koma ufa uli womwewo. Phindu lake n'lakuti m'mphepete mwa mlomo simuonekanso timasitepe, koma diso la mapikiselo khumi likadali ndi nkhani ya mapikiselo khumi. Pachifukwa chimenechi sindipitirira kuwirikiza kawiri, ndipo kamodzi ndi theka ndi kumene ndimakonda.

Kunola komaliza kuchitike pa mbalame yokha. Pangani kope la chithunzi ndi `Layer > Duplicate Layer`, ndipo pa kope lapamwambalo tsegulani `Filters > Enhance > Sharpen (Unsharp Mask)`. Nambala imene GIMP imayambira pa `Radius`, 3.0, ndi yaikulu kwambiri pa ntchito yotere. Yambirani apa:

```
Radius     1.5
Amount     0.6
Threshold  0.0
```

Kenako sankhani `Layer > Mask > Add Layer Mask` ndi `Black (full transparency)`, ndipo kunola konse kudzabisika. Tengani burashi yofewa yoyera, mupake pa diso, pa mlomo, pa zikhadabo, pa nthenga za mapiko ndi pa khungwa la nthambi pamene mbalame yagwira. Kumwamba ndi mitengo ya kumbuyo musakhudze. Diso la munthu limayeza kuthwa poyerekeza chinthu ndi chinzake, chotero mbalame yonoledwa pang'ono pamalo ofewa imaoneka yakuthwa kuposa yonoledwa kwambiri pamalo amene nawonso anoledwa.

Chida chimenechi sichiwonjezera kanthu, chimangowalitsa mbali yowala ya malire n'kudetsa mbali yakuda, ndipo chikapyola muyeso chimadziulula pamalo amodzi odziwika. Yang'anani pamsana pa nkhwazi, pamene phiko lakuda lakumana ndi thambo. Mukaona kamzere koyera kakutsata msana wonse, kowala kuposa thambo lenilenilo, ndiye kuti mwapyola. Tsitsani `Radius`, kapena mupake burashi yakuda pa malirewo kuti kunola kutsale mkati mwa thupi mokha. Chizindikiro china ndi nthenga za pachifuwa zimene zayamba kuoneka zolimba ndi zothothoka, ndi diso limene lazunguliridwa ndi mphete yakuda imene mbalameyo ilibe. Popeza chithunzichi chikukaphunzitsa ana, ndikulangizani kuti musajambulemo ndi dzanja chimene kamera sinaone, ngakhale kanyali ka m'diso. Nkhwazi ili pa mbendera ya dziko lathu, ndipo ana amaidziwa mokwanira kuti aone ngati yasinthidwa.

Pali njira ina imene imathandiza ngati chithunzi chinajambulidwa madzulo pa ISO yokwera ndipo mbalame inali itakhala bata. Tengani zithunzi zinayi zotsatizana, muzikonze mofanana mu RawTherapee popanda kukhudza `Luminance`, muzitsegule pamodzi ndi `File > Open as Layers`, ndipo muzisunthe mpaka diso ligwere pa diso ndi nthambi pa nthambi. Ikani `Opacity` ya chapansi pa 100, chotsatira pa 50, chachitatu pa 33 ndi chapamwamba pa 25. Timadontho timagwa malo osiyana pa chithunzi chilichonse pamene nthenga zili pomwepo, chotero zithunzi zinayi zimachepetsa timadontho ndi theka popanda kufufuta nthenga. Mbalame ikatembenuza mutu pakati pa zithunzizo, kapena mpweya ukakhala wonjenjemera, njirayi imangowonjezera chimbuuzi, ndipo ndi bwino kubwerera ku chithunzi chimodzi chija.

Mukadzapitanso kuchigwa, zinthu zochepa zidzachepetsa ntchito yonseyi. Lamulo lakale limati pa mamilimita 200 ndi sensa yonga yanu shata isachedwe kuposa `1/320` ya sekondi, koma lamuloli ndi la chithunzi chosadulidwa. Wodula n'kutsala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a m'litali amakulitsanso kugwedezeka katatu, chotero yambirani pa `1/1000`, ngakhale ISO ikwere kufika pa 800, pakuti timadontho timakonzeka koma kugwedezeka sikukonzeka. Malenzi a mtundu wanu amafewa akafika kumapeto ali pa `f/5.6`, ndipo `f/8` imawathwetsa moonekera. Sankhani kadontho kamodzi ka fokasi m'malo mosiyira kamera, tsamiritsani lenzi pa kathumba ka nyemba kapena ka mpunga pawindo, ndipo mupemphe woyendetsa azimitse injini. Jambulani mmawa mchenga usanatenthe. Za kuyandikira, tsatirani zimene wokutsogolerani wanena, chifukwa m'mphepete mwa Luangwa muli ng'ona ndi mvuu, ndipo mbalame yoopsezedwa imangouluka.

Chatsala ndi ulendo wa fayilo kupita kosindikiza, pamene ntchito yabwino imawonongekera kawirikawiri. Tulutsani chithunzi ndi `File > Export As` ngati JPEG, `Quality` pa 95, ndipo muchinyamule pa fulashi. Mukachitumiza pa WhatsApp monga chithunzi wamba chidzachepetsedwa ndi kupanikizidwanso, chotero ngati palibe njira ina, chitumizeni monga `Document`. Uzani wosindikiza kuti azimitse zokonza zokha za makina ake, chifukwa zambiri mwa izo zimanolanso chithunzi ndipo kamzere koyera kaja kamabwerera. Musanalipire pepala lalikulu, dulani chigawo cha mutu ndi phiko cha mapikiselo 1380 kwa 920 pa fayilo yomalizayo, muchisindikize pa kapepala ka masentimita 15 kwa 10, chimene chidzaonetsa mbalame pa kukula komweko kumene idzakhale nako pa A4. Kapachikeni pakhoma la m'kalasi, muime pamene pali desiki loyamba, ndipo muone ngati mutu woyera uli ndi nthenga ndiponso ngati mapiko sanade mopitirira. Pepala limadetsa zakuda kuposa sikirini, chotero mapiko akatayika, kwezani `Shadows` pang'ono pansi pa `Colors > Shadows-Highlights` musanasindikize lalikulu. Pepala losawala ndi labwino m'kalasi ya mawindo ambiri, ndipo limabisanso timadontho totsala kuposa lonyezimira.